Kuchoka ku Salima kupita ku China: mafunso ndi mayankho pa za jeti lagi, tulo ndi kudya

Anthu ambiri a kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota omwe akukwera ndege ulendo wautali masiku ano ndi opita kukaoda katundu ku Guangzhou, ena kusukulu, ena kukaona ana, ndiye mafunso a viza ndi madola amafunsa okha koma za tulo amadzafunsa ali kale konko 2 koloko ya usiku maso ali gwa. Ndasonkhanitsa mafunso omwe amabwerabwera. Ndikhazikika pa ulendo wa ku China chifukwa ndi umene umavuta, kwina ndingokhudzako.

Jeti lagi yo ndi chani kwenikweni, si kutopa basi?

Ayi, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kutopa ndi kuja mumamva mukatsika basi ya ku Joni, mwakhala pampando tsiku ndi usiku, miyendo yatupa, msana ukuwawa, koma mukasamba nkugona usiku umodzi kapena awiri mwachira, chifukwa nthawi ya ku Joni ndi ya ku Malawi ndi imodzi, ku Lusaka, Harare, Maputo chimodzimodzi. Jeti lagi imabwera mukadumpha maola angapo nthawi imodzi, kulowera kotulukira dzuwa kapena kolowera dzuwa. Mu ubongo muli kachigawo kakang'ono kamene kamasunga nthawi, ndi kamene kamalamula kuti tulo tibwere liti, njala iyambe liti, thupi litenthe kapena lizizire liti, ngakhale nthawi yopita kuchimbudzi. Wotchi ya m'thupi imeneyi siisintha ngati ya pa foni. Inu mwafika ku Guangzhou, iyo ikadali pa Kamuzu Road.

Zizindikiro zake: usiku tulo osabwera kapena kudzuka pakati pa usiku, masana kusinza, mutu kulemera, kuiwalaiwala, kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kudzimbidwa kapena m'mimba kungosokonekera, njala kubwera nthawi yolakwika.

Kusiyana kwa nthawi ndi kotani, ndiwerengera bwanji?

Ku Malawi sitisuntha wotchi chaka chonse, ku China nakonso sasuntha, ndipo dziko lonselo ngakhale ndi lalikulu chonchija limayendera nthawi imodzi ya ku Beijing. Ndiye samu yake ndi yophweka: ku China ali patsogolo ndi maola 6. Kuno ikamati 6 koloko m'mawa kumeneko ndi 12 masana. Kuno 9 usiku, kumeneko 3 koloko mbandakucha wa tsiku linalo.

Ku Addis Ababa, Nairobi, Dar es Salaam ndi ku Makka ali patsogolo ndi ola limodzi. Dubai maola 2. India maola 3 ndi hafu. Japan maola 7. Mbali inayi, ku UK ali m'mbuyo ndi maola 2, koma kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi mpaka Lamulungu lomaliza la Okutobala amasuntha wotchi ndiye kusiyana kumatsala ola limodzi. New York ali m'mbuyo ndi maola 7, nthawi yawo yotentha 6.

Ola limodzi kapena awiri thupi silidandaula kwenikweni. Vuto limayamba kumveka pa maola 3 kupita m'mwamba. Ndiye amene mukupita ku Hajj kapena ku Dar, chimene chidzakuvuteni ndi kutopa ndi kutentha, osati wotchi.

Chinthu china choti muchigwire: nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za pamalo pomwepo. Ikati kunyamuka Addis 00:30 ndi 00:30 ya ku Addis, ikati kufika 16:00 ndi ya ku Guangzhou. Anthu amaona ngati akhala m'ndege maola 15 ndi hafu pomwe ndi 10 ndi hafu, enawo ndi maola 5 odumpha pakati pa Addis ndi Guangzhou. Pa foni lowani ku Settings, Date & time, muyatse kuti nthawi izisintha yokha, ndipo mu World clock muike Lilongwe kapena Blantyre kuti muziona nthawi ziwiri zonse. Mukatsika ku Addis yang'ananinso wotchi ya pakhoma musanakhulupirire foni, foni yopanda netiweki nthawi zina imakakamira nthawi ya kwathu ndipo ola limodzi lomwelo ndi lokwanira kusiyidwa ndi ndege.

Akuti kupita kumavuta kuposa kubwera, zoona?

Kwa ife opita ku China, zoona. Wotchi ya m'thupi mwa anthu ambiri imatalikirako pang'ono kuposa maola 24, ndiye kuchedwa kugona thupi limalola mosavuta koma kuliuza kuti ligone msanga limakana. Popita kotulukira dzuwa tsiku lanu lafupika, mukuyenera kugona msanga ndi maola 6. Pobwera tsiku latalika, mukungofunika kupirira tulo. Mwa anthu ambiri thupi limasuntha pafupifupi ola limodzi pa tsiku popita kotulukira dzuwa, ndi ola ndi hafu pobwerera kuno. Choncho ku Guangzhou werengerani masiku 5 kapena 6 kuti mukhazikike, kuno masiku 4. Achinyamata amachira msangako, akuluakulu zimawatengera nthawi.

Nanga chimene chimasuntha wotchi ya m'thupiyo ndi chani? Kudzikakamiza kugona?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndiye ndichedwapo. Chimene chimasuntha wotchiyi kwambiri ndi kuwala kolowa m'maso, makamaka kwa dzuwa. Kudya, kuyenda ndi zina zimathandiza koma zimabwera pambuyo. Koma kuwala si kuti nthawi iliyonse kumakankhira mbali yomwe mukufuna, kumatengera kuti thupi lanu likuganiza kuti ndi nthawi yanji.

Usiku uliwonse pali nthawi imene thupi limazizira kwambiri ndipo tulo timakhala tolemera zedi, ndi maola 2 kapena 3 musanafike nthawi imene mumadzuka masiku onse. Asodzi a usipa ku Senga Bay kapena ku Chia amaidziwa nthawi imeneyi, ija ya cha m'ma 3 koloko pamene nyali zikuyaka koma munthu ukusinza uli chiimire. Kuwala kolowa m'maso nthawi imeneyi isanakwane, kutanthauza madzulo ndi pakati pa usiku, kumauza thupi kuti kunja sikunade, ndiye mawa tulo tidzachedwa. Kuwala kobwera nthawi imeneyi itadutsa kumauza thupi kuti kwacha msanga, ndiye mawa tulo tidzafulumira.

Tsopano titenge mayi wa ku Salima wogulitsa nsapato ndi zikwama, amagona 9 koloko amadzuka 5, ngati ambiri a ife. Nthawi yake yozizira ija ili cha m'ma 3 koloko ya kuno, imene ku Guangzhou ndi 9 koloko m'mawa. Mayiyu akufuna tulo tizifulumira. Ndiye tsiku loyamba akadzuka 6 koloko ya ku China natsegula makatani kapena kutuluka panja kuti ndikawothe dzuwa ndizolowere, thupi lake likuona ngati dzuwa lawala 12 koloko usiku, ndipo wotchi ikankhidwira kolakwika, kuchedwa m'malo mofulumira. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa chifukwa anangomva zoti uzikhala padzuwa osamva kuti nthawi yanji.

Choyenera ndi ichi. Tsiku loyamba adzuke cha m'ma 8, asambe, adye, koma makatani akhale otseka, getsi locheperako, ngati nkofunika kutuluka avale magalasi akuda. Ikamati 10 koloko avule magalasi akhale panja kapena ayende mumsewu mpaka cha m'ma 1. Tsiku lachiwiri ayambe kuwala 9 koloko, lachitatu 8, lachinayi 7, kenako basi azingokhala ngati wina aliyense. Ngakhale kunja kuli mitambo, kuwala kwa panja kumaposa kutali magetsi a m'misika ya m'nyumba zosanja zija, ndiye kukhala tsiku lonse mkati mwa msika sikuti mwaona dzuwa, tulukaniko.

Ngati inu mumagona 11 nkudzuka 7, onjezerani maola awiri pa zonsezi: tsiku loyamba kuwala muyambe cha m'ma 12.

Ndingayambe kukonzekera ndili kuno?

Mungathe, koma tisanamizane, sabata yonyamuka ndi imene munthu umathamangathamanga za madola, kutsanzika, kusiya malangizo ku shopu. Amene mungakwanitse, masiku 3 omaliza muzigona msanga ndi mphindi 30 tsiku lililonse ndi kudzukanso msanga chimodzimodzi, ngati mumagona 9 mugone 8:30, kenako 8, kenako 7:30, ndipo mukadzuka yatsani getsi pompo. Mukhala mwadulako ola limodzi ndi kanthu pa maola 6 aja. Zikakanika, chachikulu ndi choti musanyamuke ndi ngongole ya tulo. Kuchezera usiku wonse kulongedza poganiza kuti ndikagona m'ndege ndi nzeru yoipa, mumafika muli ndi mavuto awiri, kutopa ndi jeti lagi. A ku Nkhotakota kuli bwino kukagona ku Lilongwe kapena ku Lumbadzi dzulo lake kusiyana ndi kudzuka 2 koloko kudikira minibasi yoti idzaima pa Benga, pa Kaphatenga, paliponse.

M'ndege ndigone nthawi yanji, ndidye nthawi yanji?

Tiyerekeze ulendo wodzera ku Addis, nthawi zake zimasinthasintha ndiye muone pa tikiti yanu. Mwanyamuka pa KIA masana, mwafika ku Addis kutada, ndege ya ku Guangzhou inyamuka cha pakati pa usiku nkukafika cha m'ma 4 koloko madzulo nthawi ya ku China, imene ndi 10 koloko m'mawa kuno.

Chigawo choyamba, Lilongwe kupita Addis, musagone, ndi masana. Chakudya chamadzulo mudyeretu pa eyapoti ya ku Addis kapena chimene akupatsani m'ndege yoyambayo. Mukakwera ndege yachiwiri thupi lanu lili cha m'ma 11 usiku, ladutsa kale nthawi yake yogona, ndiye musalimbane nalo, gonani pompo. Patapita ola limodzi ndege itanyamuka amabwera ndi ngolo ya chakudya, mpunga, nkhuku, kabanzi, ndipo ambirife timadya chifukwa tinalipira, koma chakudya chimenecho ndi cha 1 koloko usiku, chimakudyerani maola awiri a tulo tabwino. Ine ndimati chisiyeni, kapena tengani banzi ndi madzi musunge. Mangani lamba pamwamba pa bulangete kuti asakudzutseni, phimbani maso ndi kansalu, chitenje chimagwiranso ntchito, kasikirini ka kutsogolo kwanu kazimitseni.

Mukagona maola 5 kapena 6 mudzadzuka nokha cha m'ma 5 ya kwathu, ku China ili 11 koloko. Kuyambira pamenepo musagonenso. Yatsani getsi la pampando, onerani filimu, imirirani muyendeko m'kanjira, idyani chakudya chachiwiri chija, khofi ngati mumamwa nthawi yake ndi imeneyi. Mpweya wa m'ndege ndi wouma kwambiri, ndiye madzi muzimwa pafupipafupi, musawope zodzutsa mnzanu wa pampando popita kuchimbudzi, kuyendako nkwabwino ku miyendo.

Ndafika madzulo ndatopa, ndingogona?

Pirirani mpaka 10 koloko ya konko. Mukafika ku hotela cha m'ma 6 sambani, tulukani mukadye, muyendeko pang'ono. Mwayi wake ndi woti 6 koloko madzulo ku China ndi 12 masana kuno, ndiye njala ya nsima ya masana imakumana ndi chakudya chamadzulo cha kumeneko, mudzadya bwino.

Koma ndikuuzirenitu zimene zidzachitike usikuwo kuti musadzadabwe. Mudzagona 10 koloko chifukwa cha kutopa, thupi lidzatenga ngati ndi kugona kwa masana kwa 4 koloko, ndiye cha m'ma 12 kapena 1 mudzadzuka muli bwinobwino ngati kwacha. Kuyambira 12 mpaka 2 ya ku China kwathu ndi 6 mpaka 8 madzulo, nthawi imene thupi limakanitsitsa tulo. Ndiponso ndi nthawi yomwe kunyumba adya nsima akhala pansi, magulu a WhatsApp akuwira, makasitomala akutumiza zithunzi za nsapato kuti mukandionereko iyi, ana akufuna vidiyo kolo. Mukatenga foni mwagwa nayo, mudzaisiya 4 koloko, kuwala kwake kwakankha wotchi kolakwika, kenako tulo tenitenito tibwera 4 mpaka 11 ndipo theka la tsiku lapita.

Auzenitu akunyumba kuti muziyankhulana pakati pa 6 ndi 9 madzulo nthawi ya ku China, imene kuno ndi 12 mpaka 3 masana. Usiku mukadzuka musayatse getsi lalikulu, khalani mumdima, mverani wailesi kapena nyimbo chapansipansi foni itayang'ana pansi, ngati mukupemphera pempherani, tulo tidzabweranso. Ndipo alamu ya 8 koloko ikalira dzukani ngakhale mwagona maola 4 okha. Kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse nkofunika kuposa nthawi yogonera.

Masana tulo tikandigwira?

Gonani mphindi 20, zikachuluka 30, ndi alamu, ndipo isanakwane 3 koloko. Musalowe m'bulangete, ingotsamirani mutavala. Mukapitirira ola mwalowa tulo tolemera, mudzadzuka mutu uli zii ndipo usiku mwaudya kale.

Kudya ndiye ndizitsata njala kapena wotchi?

Wotchi ya pakhoma. M'mimba ndi chiwindi nazo zimasunga nthawi yawo, ndipo zimenezi zimamvera kwambiri nthawi imene chakudya chikulowa. Mukamadya nthawi ya kumeneko kuyambira tsiku loyamba m'mimba mumazolowera msanga, mukamadya nthawi ya kwathu mukuuza thupi zinthu ziwiri zotsutsana, maso akuti tili ku China m'mimba mukuti tili ku Salima.

Zimaoneka chonchi. 8 koloko m'mawa ku Guangzhou thupi lili pa 2 koloko usiku, njala kulibe, mwinanso kamseru. Idyanibe kochepa, dzira lowiritsa, buledi, nthochi, kapena phala la mpunga limene Matchaina amadya m'mawa, ndi lopepuka ndipo kwa munthu wa kunyanja wokulira mpunga si lachilendo. 12 kapena 1 koloko idyani chenicheni. Madzulo mudye 6 kapena 7, pasakhale kudya kolemera maola 3 musanagone. Ndiye 1 koloko usiku idzabwera njala ya nsima yamadzulo ya kwathu, yeniyeni yoluma. Musatsike kukasaka chipisi kapena kuphika manudozi, kabisiketi kamodzi kawiri kapena mtedza pang'ono ndi madzi basi, masiku 3 njala imeneyi imatha yokha.

Kudzimbidwa kumagwira ambiri, chifukwa chimbudzi chimene munazolowera 6 koloko m'mawa tsopano chikubwera 12 masana muli pakati pa msika, mukachigwira mawa sichibweranso. Madzi ambiri, masamba, zipatso, ndipo chikabwera pitani. Za chakudya chachilendo, tsabola ndi mafuta ambiri, yambani pang'onopang'ono, musasakanize mavuto. Asilamu musadandaule, dera la Xiaobei komwe kumafikira anthu ambiri a ku Africa kuli malo odyera a halali ambiri. Swala ya Fajr pempherani pa nthawi yake ya konko, kungoti masiku oyambawo ndi getsi lochepa, mukatha bwererani pabedi.

Khofi, tiyi, ma enaje, mowa?

Khofi amathandiza kukhala maso koma sasuntha wotchi kupita komwe mukufuna. Kafini amachedwa kutuluka, pakatha maola 5 pafupifupi theka amakhala adakali m'magazi. Ndiye imwani m'mawa mpaka 2 koloko masana, kupitirira apo ayi. Chenjerani ndi tiyi wa m'mashopu, Matchaina amakonda kukuthirirani tiyi m'timakapu ting'onoting'ono mukamakambirana mitengo, amangowonjezera, naye ali ndi kafini. Madzulo ingolawani mwaulemu. Kokakola ndi zakumwa za enaje chimodzimodzi.

Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati, mumadzuka 2 koloko kukamwa kuli gwa. Masiku 3 oyamba ndi m'ndege momwe, usiyeni.

Nanga mankhwala ogonetsa? Ena akuti piritoni, ena melatonini

Melatonini ndi chinthu chimene ubongo umatulutsa wokha kukada, ndi chimene chimauza thupi kuti usiku wafika. Alipo wa mapilitsi, ndipo pa ulendo wa kotulukira dzuwa wodumpha maola 5 kupita m'mwamba amathandizadi anthu ambiri. Mlingo wake umayambira theka la miligalamu mpaka 5, kuchulukitsa kuposa apo sikuwonjezera kanthu. Amamwedwa nthawi yogona ya kumene mwafika, masiku ochepa okha. Mukamwa nthawi yolakwika, monga masana, mungosinza ndi kusokoneza wotchi. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, odwala khunyu, omwa mankhwala osungunula magazi ngati wafarini, ndi ana, asamwe popanda dokotala. Malamulo ake amasiyananso, ku America amagulitsa pashelefu pomwe ku UK mpaka kalata ya dokotala.

Piritoni ndi wa ziwengo ndi chimfine, amagonetsa inde koma wotchi saisuntha, ndipo m'mawa mumadzuka muli wofooka. Valiyamu ndi anzake opemphana kwa mnzanu musayerekeze, makamaka m'ndege, munthu umagona osatembenuka maola ambiri miyendo itapindika, ndi mmene magazi amaundanira m'mitsempha. Komanso mankhwala otere pa boda amatha kukuvutitsani ngati mulibe pepala la kuchipatala.

Ndimamwa mankhwala tsiku lililonse, ma ARV, a bipi, a shuga, olera. Nditsate nthawi iti?

Chofunika ndi mpata wa pakati pa kumwa ndi kumwa, osati nambala ya pa wotchi. Ngati mumamwa 6 koloko m'mawa kuno, ku China ndi 12 masana, ulendo ukakhala wa sabata imodzi kapena ziwiri ingoikani alamu ya 12 masana basi, simunasinthe kalikonse. Omwa 8 koloko usiku ndi amene zimawavuta chifukwa imagwera 2 koloko usiku, amenewo akafunse ku kiliniki asananyamuke kuti awauze kasunthidwe kake. Mapilitsi olera ena, aja amapatsidwa amayi oyamwitsa, salola kuchedwa kopitirira maola 3, ndiye amenewo alamu ya nthawi ya kwathu ndi yofunika. Obaya insulini musaganize nokha, tsiku lopita ndi lalifupi ndi maola 6 ndipo lobwera ndi lalitali, mlingo umafunika kuukonza ndi adokotala, ndipo muzinyamula kotsekemera m'thumba. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, m'mabotolo ake, pamodzi ndi buku la kuchipatala, osati m'sutikesi yopita pansi.

Ndili ndi masiku ochepa, ntchito ndiikonze bwanji?

Ikani zofuna mutu pa nthawi imene thupi lili maso. Masiku 3 oyamba nthawi imeneyo ndi 2 koloko mpaka 6 madzulo ya ku China, chifukwa kwathu ndi 8 mpaka 12, pamene munthu amakhala wakuthwa. Kukambirana mitengo, kusintha ndalama, kuwerenga makatoni, kulipira dipoziti, kulembetsa katundu kwa otumiza, zonsezi masana. M'mawa muzingozungulira, kuona, kujambula, kutenga makhadi a mashopu. Mayi wathu uja akapita kukalipira 9 koloko m'mawa tsiku loyamba, ubongo wake uli pa 3 koloko usiku, ndi pamene munthu amasokoneza mtengo wa peya imodzi ndi wa dazeni, kapena kuiwala chikwama mu takisi.

Ulendo ukakhala wa masiku 2 kapena 3 okha, musavutike nkusintha, simudzamaliza. Muzigona mochedwa, kudzuka mochedwa, ntchito masana ndi madzulo. Ngakhale wa sabata imodzi ine ndimaona kuti kusintha theka ndi kwanzeru, kugona 12 kapena 1 nkudzuka 9, popeza misika yambiri ya maoda siitsegula mbandakucha ngati ya kwathu, ndipo pobwera simuvutika kwambiri.

Pobwerera ku Salima zimakhala bwanji?

Zimatembenuka. Ngati munazolowera kugona 11 ku China, kuno tulo tibwera 5 koloko madzulo, ndipo mudzadzuka 1 koloko usiku ndi njala ya tiyi. Tsopano mukufuna kuchedwetsa wotchi, ndiye kuwala kofunika ndi kwa madzulo. Khalani panja kuyambira 3 koloko mpaka dzuwa kulowa, ndipo poti kuno kumada msanga cha m'ma 6, mukalowa m'nyumba yatsani magetsi owala, akathima gwiritsani nyali ya sola, chezani ndi anthu, musakhale pampando wofewa. Tsiku loyamba limbanani mpaka 8, lachiwiri hafu pasiti 8, kenako 9. Mukadzuka 1 kapena 2 khalani mu neti mumdima, musayambe kusesa kapena kuphika. Nsima yamadzulo idyani ndi banja ngakhale njala palibe, pang'ono pokha. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kunyanja kumawonjezera vuto, sambani madzi ozizira musanagone.

Koma chachikulu pobwera ndi msewu. Ndege ikatera masana pa KIA, pomaliza za katundu mukhala pa msewu wa Salima cha m'ma 4 kapena 5, thupi lili pa 10 kapena 11 usiku mutachezeranso m'ndege, ndipo ndi pamene mukutsika makhota a ku Chezi ndi Mvera. Musayendetse nokha galimoto, pezani wina. Opitirira ku Nkhotakota pa M5 mdima ukupezani m'njira, njinga, mbuzi, anthu oyenda pansi, ngati dalaivala ndi inu nomwe gonani ku Lilongwe.

Mwana wathu akubwera kuchokera ku America kudzakhala nawo pa ukwati, akuti amangogona masana

Si ulesi kapena matama amayi. Iye akupita kotulukira dzuwa ngati mmene ife timapitira ku China, maola 6 kapena 7 ngati akuchokera mbali ya New York, ochokera ku California mpaka 9 kapena 10. Ngati kwawoko amadzuka 7, tulo take tolemera tikugwera cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa kuno. Musamudzutse 5 koloko kuti akapereke moni kwa agogo dzuwa likutuluka, mumusiye mpaka 9, akhale m'nyumba kaye, cha m'ma 11 atuluke, adye nsima ya masana ndi anthu, tsiku lililonse azifulumirako ndi ola. Ngati nkotheka afike masiku 5 mwambo usanachitike. Zidzukulu zazing'ono zimadzuka usiku nkumasewera, zipatseni kachakudya kochepa mumdima, masana zisagone nthawi yaitali.

Ndidziwa bwanji kuti iyi si jeti lagi, ndikudwala?

Jeti lagi siitenthetsa thupi. Ife a kunyanja tizikumbukira kuti malungo amatha kubisala sabata kapena kupitirira udzudzu utakuluma, ndiye mutha kunyamuka ku Salima muli bwino nkukadwalira ku Guangzhou. Kutentha thupi, kunjenjemera, kuphwanya m'mfundo, kusanza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze nokha kuti mwachokera dziko la malungo akuyezeni magazi, madokotala a kumeneko sakumana nawo kawirikawiri ndiye sangawaganizire msanga. Mlendo wochokera kunja naye akatentha thupi patatha sabata ali kuno, kapena atabwerera kwawo, ayezetse malungo asanaganize china chilichonse.

Chinthu china ndi mwendo umodzi kutupa, kutentha ndi kuwawa pa katumba patapita maola kapena masiku mutatsika ndege, kapena kubanika ndi kupweteka pachifuwa mwadzidzidzi. Kutupa mapazi onse awiri pang'ono ndi kwa ulendo, kumatha mukagona mutakweza miyendo, koma mwendo umodzi wokha kungakhale kuundana kwa magazi, musausisite kapena kuuthowa, thamangirani kuchipatala. Ndipo ngati papita masabata awiri tulo sitinabwerere m'malo, kaonaneni ndi adokotala, pamenepo pali china osati ulendo.